Sapulaya wanga wakale ndimuuza bwanji kuti anditsitsire mtengo osadana naye?

"Ndili ndi shopu, sopo ndimaoda kwa sapulaya mmodzi kwa zaka zitatu tsopano, makatoni 200 pa mwezi. Amandibweretsera 50 sabata iliyonse ndipo ndimalipira pakatha masiku 30. Pano kwabwera wina wotchipa ndi 6 peresenti koma akufuna kashi, ndikatenge ndekha, komanso ndisatenge ochepera 300. Wakaleyu ndi munthu wabwino, ndimuuza bwanji kuti anditsitsire osawononga ubale wathu?"

Mayi, musanaimbire foni aliyense mwa awiriwa tengani kaye pepala ndi cholembera, chifukwa 6 peresenti imeneyo mwina si 6 peresenti yeniyeni, ndipo mukapita kwa wakale uja ndi nambala yolakwika iye aiona msanga kuposa inu poti amadziwa bwino zomwe zimamudyera ndalama pa katoni iliyonse imene amakutulirani pakhomo. Ndigwiritsa ntchito manambala ongoyerekeza kuti masamu asavute, inu mudzaikemo anu enieni. Tinene kuti katoni mumagula 1,000 nkugulitsa 1,150, nde phindu ndi 150 pa katoni, 30,000 pa mwezi musanachotse zina za pashopu. Watsopanoyu akuti 940.

Tiyeni tiione 940 imeneyi ikamafika pa shelefu yanu ikhala ili pa zingati. Galimoto ndi yanu, onyamula ndi anu, tingoti zonse pamodzi zikukwana 25 pa katoni, yafika 965. Katoni ikanyowa kapena kuphwanyika panjira palibe wobwezera chifukwa katunduyo adakhala wanu pomwe ankakwezedwa mu galimoto, olo itakhala imodzi yokha pa 100 iliyonse ndi 9 pa katoni, yafika 974. Tsopano chachikulu chimene anthu amachiiwala, masiku 30 aja. Wakaleyu amakukongozani katundu wa 200,000 mwezi wathunthu popanda chiwongola dzanja, nde mukapita kwa wa kashi ndalama imeneyo muyenera kuipeza kwina, kaya ku banki kaya kuichotsa pa katundu wina amene akanakupindulirani. Tiyerekeze kuti ndalama imakudyerani 2 peresenti pa mwezi, imeneyo ndi 19 pa katoni, yafika 993. Ndiye makatoni 300 kwa munthu wogulitsa 200 pa mwezi ndi sitoko ya mwezi ndi theka, katoni iliyonse imangokhala mu sitolo pafupifupi masabata atatu isanagulidwe pomwe panopa imakhala masiku ochepa chabe, zimenezo zikuwonjezera ngati 12. Yafika 1,005. Mukuona eti, wotchipa uja pa manambala awa wadutsako pang'ono wakale. Manambala anu akhoza kutuluka mosiyana, mwina muli ndi galimoto yanu imene imadutsa kale kumeneko ndipo mwina muli ndi ndalama imene ikungokhala, pamenepo kusiyana kukhala kwenikweni, koma muwerengere kaye.

Pa makotesheni ena, makamaka a katundu wochokera kunja, kusiyana kumeneku kumalembedwa ndi zilembo zitatu za malamulo a Incoterms, a 2020 alipo 11. EXW ndiye kuti mukatenga nokha pamalo a wogulitsa ndipo zonse za panjira ndi zanu, DAP ndiye kuti akufikitsirani pamalo amene mwagwirizana, kutsitsa mu galimoto nkwanu. Mitengo iwiri, wina wa EXW wina wa DAP, siyerekezedwa mwachindunji. Zanuzi ndi zomwezo basi ngakhale palibe amene walemba zilembozo.

Izi sizikutanthauza kuti musapemphe kutsitsa ayi. Zikungotanthauza kuti mphamvu yanu sili pa kuopseza kuti ndipita kwina, ili pena. Ndipo chimene ndikufuna mugwire pa yankho lonseli ndi ichi: musapite kukapempha kuti achotse pa phindu lake nkukupatsani, pitani ndi chinthu chimene chimuchepetsere zowononga kenako mugawane zimene zapulumukazo. Munthu akangoti tsitsani basi, sapulaya amamva kuti akumulanda, olo avomere amavomera ndi mtima wina ndipo amakazibweza mwanjira ina. Koma mukati ndikachita chakuti inu mupulumutsa zakuti nde tigawane, mwamupatsa chifukwa chomveka chimene akhoza kukanena kwa bwana wake kapena kwa kasitomala wina amene wamva nkufunsa kuti bwanji uyu mwamutsitsira.

Nde funso nlakuti inuyo mumamudyera ndalama pati. Poyamba ndi maulendo. Lole kubwera kwa inu kanayi pa mwezi ndi makatoni 50 okha ndi mafuta kanayi, dalaivala ndi womuthandiza kanayi, invoisi zinayi, kudikira pashopu panu kanayi. Ulendo wa makatoni 100 sudula kawiri kuposa wa 50, nthawi zambiri umasiyana pang'ono chabe bola lole ili ndi malo. Tiyerekeze kuti ulendo umodzi umamudyera 2,000. Mukati azibwera kawiri pa mwezi ndi 100 nthawi iliyonse wapulumutsa 4,000, imene ndi 20 pa katoni, 2 peresenti yathunthu popanda kukhudza phindu lake. Nambala yeniyeni simungaidziwe mutakhala pa shopu, koma mukhoza kufunsa, ndipo kufunsa kotereku sikukhumudwitsa munthu: kodi lole yanu imadutsa kuno masiku ati, imadzaza ndi makatoni angati, tsiku liti limene mumabwera ili yosadzaza? Nthawi zina mupeza kuti lole imadutsa kale pa msewu wanu sabata iliyonse kupita kwa ena, pamenepo kuchepetsa maulendo sikumupulumutsira zambiri ndipo musakakamire, mwina chimene chingamuthandize nkusintha tsiku kuti muzilandira tsiku lomwe amapita kwa anzanu oyandikana nawo. Mbali yanu muonetsetse kuti malo osungira 100 alipo ndipo ndi ouma, kuopa kupulumutsa 20 nkutaya katoni zingapo ndi chinyezi.

Kachiwiri ndi kudikira ndalama, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pamene pali phindu komanso ndi pamene anthu amadzipweteka. Pa mainvoisi ena mumaona palembedwa 2/10 net 30, kutanthauza kuti mukalipira mkati mwa masiku 10 mumachotsa 2 peresenti, apo ayi mulipira zonse pofika tsiku la 30. Ikuoneka yaing'ono koma ganizani, mukulandira 2 pa 98 iliyonse chifukwa chofulumira ndi masiku 20 okha, ndipo masiku 20 amalowa m'chaka koposa ka 18, nde pa chaka zimakwana pafupifupi 37 peresenti. Nchifukwa chake wogula amene ali ndi ndalama sailola disikaunti yotereyi kumudutsa, komanso nchifukwa chake sapulaya saipereka mwachisawawa, amaipereka akakhala kuti iyenso amapanikizidwa ndi fakitale kapena banki, kapena akufuna kuchepetsa nkhawa ya ngongole zosabwezedwa.

Kwa inu masamu ake ndi awa. Ngati ndalama imakudyerani 2 peresenti pa mwezi, masiku 20 akudyerani 13 pa katoni ndipo mukulandira 20, mwatsala ndi 7. Koma ngati kuti mulipire msanga mukabwereka pa 5 peresenti pa mwezi, masiku 20 amenewo ndi 33 pa katoni, mukulandira 20, mwaluza 13 uku mukusangalala kuti akutsitsirani. Pamenepo masiku 30 aja ndi ofunika kwa inu kuposa disikaunti ndipo musawagulitse, mwinanso chopempha chanu chikhale masiku 45 mtengo ukhale womwewo.

Palinso china chimene chimadzidzimutsa anthu mwezi woyamba. Mukachoka pa masiku 30 kupita pa 10, mainvoisi akale amakhala akadali kukwana nthawi yake pomwe atsopano nawonso ayamba kukwana, nde kwa masabata angapo mumalipira mbali ziwiri. Ndalama yowonjezera imene ituluke ndi ya katundu wa masiku 20, pa 200,000 pa mwezi ndi pafupifupi 133,000, imatuluka kamodzi kokha koma simabwerera m'thumba mpaka mutabwerera ku masiku 30. Ngati mulibe, musalonjeze. Mukhoza kuyamba ndi masiku 20 pa 1 peresenti kwa miyezi iwiri kenako nkutsikira pa 10. Ndikunena izi motsindika chifukwa palibe chimene chimawononga ubale msanga ngati kupempha disikaunti ya kulipira msanga kenako nkumalipira tsiku la 18 mutachotsa kale 2 peresenti yanu. Sapulaya amaona ngati mwamubera mochenjera, ndipo sakhala akulakwitsa kwenikweni.

Kachitatu ndi kusadziwa kuti muoda zingati. Inu mumadziwa kuti ndi 200 pa mwezi koma iye amangoyembekezera foni sabata iliyonse. Mukamuuza kuti miyezi itatu ikubwerayi nditenga 600, zikhoza kutsika mpaka 540 kapena kukwera mpaka 660, iye amaoda ku fakitale ali ndi mtima m'malo ndipo mwina nayenso amafika pa mulingo umene kumeneko amamutsitsira. Ichi sichikudyerani kanthu bola mulonjeze zimene mumagulitsa kale. Msampha wake ndi wakuti akhoza kunena kuti ndikutsitsirani 4 peresenti mukafika 280 pa mwezi, inu nkuvomera chifukwa 4 peresenti ikukoma, koma makasitomala anu sanachuluke, nde mwezi uliwonse makatoni 80 akutsalira, ndalama ya 76,800 ikugona mu sitolo kuti mupulumutse 40 pa katoni 200 zimene mumagulitsadi, 8,000 basi. Disikaunti ya kuchuluka ndi yabwino pokhapokha ngati katunduyo akutuluka. Ndipo mufunse momveka ngati ikugwira makatoni onse mukafika pa mulingowo kapena okhawo opitirira mulingo, awa ndi mapangano awiri osiyana kwambiri ndipo mikangano yambiri ya kumapeto kwa mwezi imachokera pomwepa.

Tsopano muli ndi zoti mupereke, nkhani yatsala ndi kalankhulidwe. Nthawi yabwino ndi pomwe mwangomaliza kulipira invoisi ndipo palibe ngongole yotsalira, osati tsiku lomwe mwachedwa ndi sabata, osatinso nthawi imene katundu akusowa pamsika chifukwa pamenepo ali ndi makasitomala ambiri kuposa katundu ndipo alibe chifukwa chotsitsira aliyense. Musayambitse nkhaniyi kwa dalaivala akutsitsa katundu kapena pamaso pa makasitomala ndi antchito. Pemphani nthawi, nenani kuti ndikufuna tikambirane za miyezi ikubwerayi, mphindi 20 zokha, kuti nayenso abwere atakonzeka. Ngati amene mumachita naye ndi wogulitsa wolembedwa ntchito osati mwini wake, dziwani kuti nthawi zambiri amakhala ndi malire a zomwe angatsitse yekha, kupitirira apo ndi manejala, ndipo ena malipiro awo amadalira komishoni. Musamudumphe nkupita kwa bwana wake mwamseri, adzamva ndithu ndipo ndi yemweyo amene amasankha kuti oda yanu ikwere lole iti. Mufunseni kuti pa zimenezi ndi ziti zomwe mungavomere nokha ndipo ndi ziti zofunika abwana, ndikulembereni chani kuti zikuphwekereni kukanena? Mukatero wasanduka wokuyankhulirani m'kati mwa kampani.

Mawu ake akhoza kukhala chonchi, musinthe kuti amveke anu: "Bambo, tagwira limodzi zaka zitatu ndipo ndikufuna tipitirize. Phindu langa pa sopo lachepa nde ndakhala ndikuganiza momwe tonse tingapepukidwire. Ndikhoza kumatenga 100 kawiri pa mwezi m'malo mwa 50 kanayi, ndikhoza kumalipira m'masiku 10, ndipo ndikuuzani pasadakhale za miyezi itatu. Ndikachita zimenezi, katoni ingakhale pa 960?" Mukafunsa chonchi khalani chete mumulole aganize. Ambiri akaona kuti winayo sanayankhe msanga amachita mantha nkuyamba kudzitsitsira okha, kuti chabwino olo 985 palibe vuto, munthu asananene nkomwe kuti ayi.

Onani kuti zonse zili pamodzi ndipo zili ndi "ndikachita". Musapereke kaye zanu nkumayembekezera kuti aona yekha kukoma mtima kwanu. Mukayamba kulipira m'masiku 10 osagwirizana chilichonse, pakatha miyezi iwiri zimasanduka chizolowezi ndipo mulibenso chogulitsa. Chimodzimodzi akati 960 sizingatheke koma 980, musangovomera kapena kukana, chotsaniko mbali: pa 980 nditenga 100 kawiri pa mwezi koma masiku 30 akhale momwemo. Akati 970 ndi zonse zitatu, werengerani pompo. 30 pa katoni ndi 6,000 pa mwezi, muchotse 2,600 ya kulipira msanga ija, mwatsala ndi 3,400, phindu lachoka pa 30,000 lafika 33,400, kukwera ndi 11 peresenti popanda kugulitsa katoni imodzi yowonjezera. Koma taonaninso ya 980 ija, 20 pa katoni ndi 4,000 pa mwezi ndipo simunakhudze masiku anu 30, nde ikuposa ya 970. Ichi ndicho chifukwa chake ndikuti mupite ndi pepala mutalemberatu manambala, chifukwa pakamwa 970 imamveka bwino kuposa 980 pomwe m'thumba zili mosemphana. Lemberanitu manambala atatu, yomwe muyambire, yomwe mukuyembekezera, ndi yomwe mtengo ukakhala pamwamba pake simupereka masiku anu.

Nanga za wotchipa uja muzitchule? Inde, koma moona komanso kamodzi kokha. Mukhoza kunena kuti ndalandira kotesheni ina yotsika, zoyenera kutsata zake nzosiyana ndi zanu ndipo ndaona kuti ndibwere kwa inu kaye ndisanachite chilichonse. Basi. Musatchule dzina, musamuonetse pepala la mnzake kapena kumutumizira chithunzi chake, chifukwa pomwepo adziwa kuti mawa pepala lake mudzalionetsanso kwa wina ndipo sadzakupatsaninso mtengo wapadera wolembedwa. Ndipo chonde musanamize nambala. Masapulaya a katundu mmodzi amadziwana, nthawi zambiri amagula ku fakitale imodzi, akudziwa kuti katoni singatsike kufika pati. Mukati wina akundipatsa 880 pomwe iye amagula 880 kumene, angoti pitani mukagule, nde mutsala pakati, kupita simungapite chifukwa mtengowo kulibe, kubwerera mubwerera mawu anu atapepuka. Mawu akuti mukapanda kutsitsa ndichoka musawanene pokhapokha mutakonzekadi kuchoka sabata yomweyo.

Nthawi zambiri sapulaya amakana kusintha mtengo wa pa invoisi koma ali wokonzeka kukupatsani ndalama yomweyo mwanjira ina, ndipo chifukwa chake nchomveka, mtengo ukangolembedwa umayenda, makasitomala ena amamva, komanso kuukwezanso pambuyo pake nkovuta. Nde akati mtengo sindingaugwire musakhumudwe, funsani kuti nanga nchani chimene mungagwire. Katoni imodzi ya basera pa 30 iliyonse ndi chimodzimodzi kutsitsa ndi 3.2 peresenti, chifukwa mwalipira 30 mwalandira 31, ndipo kwa iye nzopepukirapo poti katoniyo imamudyera mtengo umene anagulira osati umene amagulitsira. Njira ina ndi kukubwezerani 2 peresenti pakatha miyezi itatu mukafika pa 600, imachotsedwa pa invoisi yotsatira. Ina, imene ine ndimaikonda kwambiri pa katundu amene mitengo yake imasinthasintha, ndi pangano lakuti mtengo sukwera kwa miyezi itatu, kapena kuti akafuna kukweza azikuuzani masiku 30 pasadakhale ndipo muloledwe kuoda kamodzi pa mtengo wakale. Oda imodzi ya 100 mtengo usanakwere ndi 8 peresenti yakupulumutsirani 8,000, chimodzimodzi ndi disikaunti ya 2 peresenti ya miyezi iwiri.

Za kabweretsedwe ka katundu ambiri amazisiya chifukwa maso ali pa mtengo, koma tsiku limodzi shelefu ili yopanda sopo mwataya makatoni 6 kapena 7 ogulitsa, phindu la pafupifupi 1,000, komanso kasitomala amene wapita kwina mwina sabwereranso. Ndipo mukachepetsa maulendo kufika awiri, kuchedwa kumodzi kumapweteka kuposa kale. Nde pa tsiku lomwelo mugwirizane kuti katundu amabwera tsiku liti, m'mawa kapena masana, oda muzipereka masiku angati pasadakhale, ndani atsitse mu lole. Mugwirizane kuti muziwerenga katundu dalaivala ali pomwepo, chosowa kapena chophwanyika chilembedwe pa pepala lolandirira katundu musanasaine ndipo onse awiri musaine, mujambule, ndipo zimene zaoneka mutatsegula katoni muli ndi masiku awiri oti munene. Mukasaina pepala loyera kenako nkuimba foni patatha sabata kuti zinaperewera ziwiri, mwamuika pamalo oti asankhe kukhulupirira inu kapena wantchito wake, ndipo pamenepo ubale umayamba kuzizira olo akubwezereni.

Za chilango cha kuchedwa ndingati musapite nazo kutali. Mabizinesi akuluakulu amalemba zoti sapulaya azilipira akachedwa, koma pa oda ya kukula kwa yanuyi kutchula chindapusa kumangomuumitsa munthu. Chofewa koma chogwira ntchito ndi ichi: masiku olipirira aziyamba kuwerengedwa tsiku limene katundu wafika osati tsiku la pa invoisi, ndipo akaona kuti achedwa akuuzeni dzulo lake kuti mupeze pogwira. Mfundo ya tsiku loyambira kuwerenga imafunika kwambiri mukakhala pa masiku 10, chifukwa invoisi yolembedwa Lolemba katundu nkufika Lachinayi yakudyerani kale masiku atatu.

Mukamvana, tsiku lomwelo tumizani meseji yofotokoza zomwe mwagwirizana, mtengo, kuchuluka, masiku obweretsa, masiku olipirira ndi pomwe amayambira, tsiku loyamba, ndi kuti mudzakhalanso pansi pakatha miyezi itatu, ndipo mupemphe kuti ayankhe kuti ndi choncho. Sikuti simukumukhulupirira, koma wogulitsa uja akhoza kusiya ntchito kapena kusamutsidwa ndipo wobwera m'malo mwake sadziwa kanthu, komanso a ku akaunti amalemba invoisi ndi mtengo umene uli mu kompyuta osati umene munanena pakamwa. Invoisi yoyamba muione bwino, ikabwera ndi 1,000 musadzichotsere nokha mwakachetechete, imbani akonze. Kunena kuti tiyesere miyezi itatu kumamuthandizanso kuvomera chifukwa sakudzimanga mpaka kalekale. Ndipo mukamvana mwamvana, musabwerenso mawa lake kuti bwanji muwonjezeko kakuti, kenako sabata yamawa kena. Kutolatola kotereku kumatopetsa kuposa kupempha chachikulu kamodzi, ndipo sapulaya amaphunzira kuti kwa mayi awa ndiziyamba ndi mtengo wokwera kuti pakhale potsitsira.

Mudziwa bwanji ngati mwakankha mopitirira? Sadzakuuzani, muziona mu ntchito. Lole imene inkafika m'mawa iyamba kufika madzulo mutatsala pang'ono kutseka, makatoni opindika ndi akalekale ayamba kuchuluka pa oda yanu, wogulitsa amene ankakuimbirani kuti mtengo ukwera mwezi wamawa wasiya kuimba, katundu akachepa mukulandira 60 pa 100 pomwe ena alandira zonse. Chimodzi chokha chikhoza kungochitika, koma zikachitika ziwiri zitatu motsatizana mkati mwa miyezi iwiri mutagwirizana mtengo watsopano, ndiye kuti mwatsika pa mndandanda wake. Musadikire miyezi itatu ija ikwane, mufunseni mwachindunji kuti kodi pangano lathu likukuyenderani, ndipo ngati 970 ikumupweteka, kubwerera pa 980 katundu nkumafika nthawi yake kukhoza kukupindulirani kuposa kuumirira 10 wa pa katoni.

Zikhozanso kutheka kuti akane zonse, ndipo nthawi zina amakhala akunena zoona, pa katundu ngati sopo phindu la woodetsa limatha kukhala laling'ono moti 3 peresenti nkukhala gawo lalikulu la zomwe amapeza. Mufunseni kuti nchani chingasinthe yankho limeneli, kuchuluka, nthawi ya chaka, kapena kuwonjezera katundu wina pa lole yomweyo. Ngati amagulitsanso zinthu zina zimene inu mumagula kwina, kuzisamutsira kwa iye kumakulitsa oda popanda kuunjika sopo, ndipo nthawi zambiri apa ndi pamene pamatseguka. Akapanda kusuntha ndipo masamu anu enieni aonetsa kuti watsopano uja ndi wotchipadi, musachoke mwadzidzidzi. Yesani kunenerera watsopanoyo kuti oda yoyamba ikhale 100 osati 300 kuti muone katundu wake ndi kasungidwe ka mawu ake, muuzeni wakale nokha kuti mwezi uno nditenga zochepa chifukwa ndikuyesa kwina, asamvere kwa dalaivala, lipirani invoisi zake zonse pa tsiku lake, ndipo musiyeni ndi theka la oda kwa miyezi iwiri kapena itatu mpaka mutaona ngati 940 uja sasintha pa ulendo wachitatu, chifukwa mtengo wokopera kasitomala watsopano nthawi zambiri sukhalitsa.